Mwana Wamwa Soda Wopangira Sopo Kapena Mankhwala Ochapira, Akuti Kummero Kukuotcha: Chitani Izi

Mwana akamwa mankhwala a m'nyumba n'kuyamba kulira kuti kummero kukuotcha, anthu amene amathamangira pamalopo amafuula chinthu chimodzi: "Msanzitseni!" Wina amabwera ndi madzi a mchere, wina dzira laliwisi, wina wakonzeka kale kupisa chala kukhosi. Onsewo amafuna kuthandiza, koma pa mankhwala otentha kusanzitsa kumawonjezera ngozi. Mankhwalawo aotcha kale njira ya chakudya potsika. Akabwerera aotchanso njira yomweyo kachiwiri, ndipo ena akhoza kulowa m'mapapo.

Tiyerekeze nkhani imodzi kuti tiziitsata. Mayi wina amapanga sopo wogulitsa. Wasungunula soda wa kositiki m'madzi, wotsala wamuthira m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi n'kuliika pakhonde. Cha m'ma 10 koloko m'mawa mwana wake wazaka 3 wachokera kosewera ali ndi ludzu. Madzi a sodayo ndi oyera mbee, alibe fungo loti n'kumuchenjeza. Wameza kamodzi kapena kawiri, kenaka waponya botolo pansi, akulira atagwira pakhosi.

Soda ameneyu si soda uja timathira mu therere kapena m'chigumu. Soda wophikira mwana akanyambitako pang'ono sapsa. Soda wa kositiki amasungunula mnofu monga momwe amasungunulira mafuta popanga sopo, n'chifukwa chake akakudontherani pa chala pamaterera. Kuterera kumeneko ndi khungu lanu lomwe layamba kusungunuka. M'gulu lomweli muli mankhwala otsegulira mapaipi otsekeka, ena otsukira m'chimbudzi, mankhwala owongolera tsitsi, komanso asidi wa m'batire la galimoto kapena la sola. Asidi amawawa msanga pa lilime, ndiye nthawi zambiri mwana amalavula, koma akamezedwa amawononga kwambiri m'mimba. Soda amakhalitsa mu mnofu ndipo amalowerera mkati.

Choyamba: mchotseni pamankhwalapo, muone mmene akupumira

Landani botolo, mnyamuleni mwana kumuchotsa pomwe mankhwala atayikira, ndipo uzani wina athamangitse ana ena. Botololo musalitaye, mulifunabe. Ngati muli awiri, mmodzi apite nthawi yomweyo kukafuna njinga yamoto kapena galimoto pamene winayo akusamalira mwana. Musayembekeze kuti muone kaye ngati zikula.

Kenaka mkhazikeni tsonga, ataweramira kutsogolo pang'ono, mumuyang'ane ndi kumumvetsera. Mwana amene akulira mokweza ndi mawu ake a masiku onse ndiye kuti mpweya ukudutsa. Oopsa ndi mawu osasa, kulira kosatuluka bwino, kaphokoso konga likhweru kapena mkonono pokoka mpweya, pakhosi ndi pansi pa nthiti pakulowa mkati akamapuma, kapena milomo ndi lilime zikusintha mtundu n'kuyamba kuda. Zimenezi zikutanthauza kuti pakhomo pa njira ya mpweya payamba kutupa. Njira ya mpweya ya mwana wamng'ono ndi yopapatiza kwambiri, ndiye kutupa kochepa kumakwanira kuitseka. Mukaona chimodzi mwa zimenezi, pukutani msanga pakamwa, vulani chovala chonyowa, nyamukani. Zina zonse muzichitira m'njira.

Chachiwiri: tsukani mkamwa, pakhungu ndi m'maso

Ngati anadya soda wa timibulu kapena wa ufa, yambani mwachotsa zomwe mukuziona pa milomo, pa lilime ndi m'masaya ndi kansalu koyera. Musapise chala mkati mwa khosi. Za pakhungu zikunthuleni zili zouma musanathire madzi, chifukwa soda akakumana ndi madzi ochepa amatentha kwambiri. Zikachoka, thirani madzi ambiri.

Mwana wazaka 4 kapena 5 mukhoza kumuuza kuti achukuche madzi n'kulavula, kangapo. Wazaka 3 wa m'nkhani yathu mwina sangathe, ameza. Iyeyo mumuweramitse nkhope pansi pa miyendo yanu, muzipukuta milomo, nkhama ndi lilime ndi kansalu konyowa, n'kumakatsuka kansaluko nthawi iliyonse. Musakhule, pamalopo papsa kale.

Malaya amene anyowa ndi mankhwala avuleni. Ngati ndi ovulira kumutu, ndi bwino kuwadula ndi sizasi kusiyana n'kuwadutsitsa kumaso. Tsirani madzi oyera pachibwano, pakhosi, pachifuwa ndi m'manja kwa mphindi 15 mpaka 20, mpaka khungu litasiya kuterera. Yang'anani m'makwinya a m'khosi ndi m'thewera, chifukwa mankhwala amatsetserekera m'menemo n'kumapitiriza kuotcha anthu osadziwa. Inunso tsukani m'manja mwanu.

Diso ndi nkhani ina. Mwana wolira amatikita m'maso ndi manja omwe agwira botolo aja. Ngati mankhwala alowa m'diso, mphindi iliyonse ndi yofunika kuposa kuthamangira msewu. Mpendeketseni mutu kuti diso lokhudzidwalo likhale m'munsi, tsegulani zikope ndi zala, muzithira madzi pang'onopang'ono kuchokera cha kumphuno kupita cha kukhutu kwa mphindi zosachepera 15. Alira, alimbana nanu, koma musaleke. Mkulungeni m'chitenje kuti manja asatuluke. Ngati galimoto yafika musanamalize, tengani chigubu cha madzi mukapitirize m'galimotomo. Madzi okha basi, osati mkaka wa m'mawere, madzi a mchere kapena madzi a masamba.

Chachitatu: kodi amwe kanthu?

Apa ndi pomwe makolo ambiri amasokonezeka, chifukwa anamvapo kuti womwa poizoni amapatsidwa mkaka. Zoona zake n'zakuti soda wamphamvu amaotcha m'masekondi ochepa chabe. Pofika nthawi imene mwapeza kapu, zambiri zachitika kale. Madzi amangothandiza kutsuka zotsalira, ndipo phindu lake ndi lochepa poyerekeza ndi ngozi yoti mwana asanze.

Njira yodziwira ndi kuyang'ana malovu. Mwana amene akutuluka dovu losalekeza, akukana kumeza ngakhale malovu ake omwe, akusanza, akutsokomola, mawu asasa, akumva kuwawa pachifuwa kapena m'mimba, kapena wafooka ngati akufuna kugona, asapatsidwe chilichonse chomeza. Madzi ayi, mkaka ayi, thobwa ayi, ngakhale bere. Kukaniza mwana wolira bere kumapweteka mtima wa mayi, koma mmero umene ukulephera kumeza malovu sungalondolere mkaka ku njira yoyenera.

Ngati zangochitika kumene, mwana ali maso bwinobwino, akupuma bwino, akumeza malovu ndipo sanasanze, mukhoza kumupatsa madzi oti amwe yekha pang'onopang'ono, osapitirira theka la kapu ya tiyi. Akakana, musamugwire mphuno kapena kumukakamiza. Akatero basi, asadyenso kapena kumwa kanthu mpaka achipatala anene. Pali chifukwa china: mwina kuchipatala afunika kumugoneka tulo kuti amuunike kummero, ndipo zimenezo zimafuna m'mimba mopanda kanthu.

Mwana wa m'nkhani yathu dovu likuyenderera pachibwano. Choncho mayi ake amupukuta mkamwa, amutsuka pachifuwa, ndipo sanamupatse kanthu.

Zimene anzanu adzabweretsa, ndi chifukwa chozikanira

Madzi a mchere ndi oyamba kufika. Kupatula kusanzitsa, mchere wambiri pawokha ndi poizoni kwa mwana wamng'ono. Umakwera m'magazi n'kuyambitsa kukomoka ndi kugwedezeka kwa thupi, ndipo ukhoza kupha.

Wina wophunzirako pang'ono adzati soda amagonja ndi chowawasa, ndiye amwe viniga, mandimu kapena madzi a bwemba. Kapena adzati popeza wamwa asidi, amwe soda wophikira kapena chidulo. M'kalasi ya sayansi n'zoona kuti ziwirizi zimathetsana mphamvu, koma zikamathetsana zimatulutsa kutentha, ndipo soda wophikira akakumana ndi asidi amatulutsanso mpweya wotupitsa mimba. Kutentha kumeneko kudzachitikira pa chilonda chomwe chilipo kale.

Makala osinja sagwira soda kapena asidi. Ngakhale makala apadera a kuchipatala aja, amene amathandiza pa poizoni wina, saperekedwa pa mankhwala otentha. Amangodetsa kummero kuti dokotala alephere kuona pomwe papsa. Mafuta ophikira ndi mazira aawisi amabweretsa nseru, ndipo mafuta akapita m'mapapo amayambitsa chibayo chovuta. Panado ndi mankhwala ena akumwa asiyeni kaye, ululu akauthetsa kuchipatala kudzera m'mtsempha kapena njira ina yosadzera pakamwa. Mankhwala azitsamba nawonso ayi.

Agogo kapena apongozi akaumirira, simufunika kukangana nawo. Auzeni mwaulemu kuti, "Amayi, mankhwala awa akabwerera amaotcha kawiri, tithandizeni kupeza buku la mwana la kuchipatala." Munthu amene wapatsidwa chochita sachedwa kusiya kapu ya mchere.

Mwana akasanza yekha, musamutseke pakamwa. Muweramitseni kutsogolo kapena mgonekeni chammbali kuti masanzi atuluke, kenaka tsukaninso mkamwa ndi pakhungu pomwe agwera. Onani ngati muli magazi ofiira kapena zakuda ngati khofi, mukanene.

Chachinayi: tengani botolo, kumbukirani nthawi

Achipatala adzakufunsani zinthu zitatu: wamwa chiyani, zochuluka bwanji, nthawi yanji. Tsekani botolo bwino, liikeni m'jumbo, linyamulidwe ndi munthu wina osati amene wanyamula mwana. Ngati mankhwala anachita kusamutsidwa, monga zachitikira m'nkhani yathu, tengani ndi paketi yomwe anabweramo, kapena ijambuleni pafoni mbali zonse ziwiri. Botolo la zakumwa lokhala ndi madzi oyera silimuuza namwino kanthu. Mukuyenera kunena kuti ndi soda wa kositiki, ndipo munasungunula wochuluka bwanji m'madzi ochuluka bwanji.

Nenani zoona ngakhale mukuchita manyazi kapena mukuopa kukalipiridwa. Kuchepetsa nkhani kuti "wangonyambitako" pamene wameza kumachedwetsa thandizo. Ngati simunaone, nenani kuti simunaone, n'kufotokoza pomwe mankhwala anafika m'botolo m'mawa ndi pomwe ali tsopano.

Kudziwa chomwe wamwa n'kofunika chifukwa si zonse zootcha kummero zimene zimavulaza mofanana. Jiki wochapira wa m'nyumba ndi wosungunuka kwambiri, ndipo mwana akameza pang'ono nthawi zambiri amangomva kuwawa ndi nseru osapsa mozama. Komabe amene akudandaula kummero, akutuluka dovu kapena akusanza aonedwe kuchipatala, makamaka ngati ndi kolorini wa ufa kapena wa mibulu, amene ndi wamphamvu kuposa jiki wa m'botolo.

Palafini amamudziwa ndi fungo pakamwa ndi pa zovala. Iye saotcha mnofu ngati soda, ngozi yake ili m'mapapo. Ndi wopyapyala kotero kuti kadontho kochepa kakalowa njira ya mpweya kamafalikira msanga. Choncho lamulo ndi lomwe lija: osasanzitsa, osapatsa mkaka kapena mafuta. Kutsokomola, kupuma mofulumira ndi kutentha thupi zikhoza kuyamba patapita maola angapo, n'chifukwa chake achipatala amamusunga mwana kwa maola osachepera 6 akumuyang'anira. Kwa mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 5, kupuma ka 40 kapena kuposerapo pa mphindi imodzi ali phee ndi kupuma mofulumira.

Mankhwala a mbewu, ophera tizilombo m'dimba, kapena tameki wophera makoswe nthawi zambiri amabweretsa zizindikiro zosiyana: thukuta lambiri, malovu ndi misozi, kutsegula m'mimba, minofu kunjenjemera, ndipo kamwana ka diso kamachepa ngati kadontho. Amenewa ali ndi mankhwala ake kuchipatala, otchedwa atiropini, ndipo amafunika msanga. Muvuleni zovala, msambitseni ndi sopo mofulumira, thamangani.

Chachisanu: ulendo

Musamubereke kumbuyo. Ndi chizolowezi chathu, koma mwana ali kumsana simungaone nkhope yake, ndipo akasanza kapena akabanika mudziwa mochedwa. Mnyamuleni kutsogolo, atakhala tsonga, mutu utaweramira kutsogolo pang'ono kuti dovu lizigwera pansalu. Ngati wafooka kapena wakomoka koma akupuma, mgonekeni chammbali, pakamwa pataloza pansi. Osamugoneka chagada. Akasiya kupuma, mgonekeni pamalo olimba, pukutani mankhwala pakamwa pake, muzidina pakati pa chifuwa ka 30 n'kumuuzira mpweya kawiri, mobwerezabwereza mpaka mutapeza thandizo.

Pitani kuchipatala chomwe chili pafupi. Ngati chipatala chaching'ono ndi chipatala chachikulu cha boma lanu zili pa mtunda wofanana, sankhani chachikulucho, chifukwa kumakhala mpweya wa okosijeni ndi anthu otha kuthandiza njira ya mpweya ikatseka. Mukafika musakhale pamzere. Pitani kwa namwino kapena aliyense wovala yunifolomu munene mwachidule: "Mwana wamwa soda wopangira sopo 10 koloko, akulephera kumeza malovu." Mawu amenewo ndi okwanira kuti aonedwe mwamsanga.

Mkamwa mukaoneka bwino, musanyengeke

Cholakwika chachikulu chachiwiri, pambuyo pa kusanzitsa, ndi kuyang'ana mkamwa ndi tochi, kupeza kuti mulibe zilonda, n'kunena kuti wapulumuka. Mankhwala a madzi amadutsa mkamwa mofulumira n'kukachedwa m'munsi, pomwe njira ya chakudya ndi yopapatiza. Mwana akhoza kukhala ndi milomo yosalala koma m'kati mwapsa kwambiri. Winanso akhoza kutupa milomo moopsa, makamaka amene wadya timibulu tomata pa lilime, koma m'kati muli bwino. Diso la munthu silingasiyanitse. Komanso mwana amene walira mpaka kutopa amagona, ndipo kugonako anthu amakuyesa kuchira, chonsecho kutupa kukukulirakulira m'maola otsatira.

Kuchipatala adzayang'anira kupuma, adzamuika diripi popeza sakudya, ndi kumupatsa mankhwala oletsa ululu. Sadzamutsuka m'mimba, ndipo musadabwe kapena kuganiza kuti akunyalanyaza: chifukwa chake ndi chomwe chija choletsa kusanzitsa. Akhoza kumujambula ekisire kuti aone ngati njira ya chakudya sinabooke. Njira yeniyeni yodziwira kukula kwa kupsako ndi kulowetsa kachubu kokhala ndi kamera kudzera pakamwa, endosikope. Zimenezi zimachitika bwino m'maola 24 oyambirira, ndipo pakadutsa masiku awiri madokotala amazengereza chifukwa mnofu wopsa umakhala utafewa, sungachedwe kubooka. Ichi ndi chifukwa chinanso chosagonera kunyumba kuti tiona mawa. Ku Malawi kuno mwana wotere akhoza kutumizidwa kuzipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, kapena za ku Mzuzu ndi ku Zomba. Akakuuzani kuti mupite, musapemphe kuti mukakonzeke kaye kunyumba.

M'masiku oyambirira, kaya muli m'wodi kaya mwatulutsidwa, zizindikiro zoti muitane achipatala nthawi yomweyo ndi kutentha thupi, kuwawa kwambiri pachifuwa, kumsana kapena m'mimba, mimba kuuma gwa, kusanza magazi, chimbudzi chakuda bii, kapena kupuma movutikira.

Masabata atatu mpaka miyezi iwiri pambuyo pake

Tibwerere kwa mwana wathu uja. Wakhala m'chipatala masiku angapo, kutupa kwatsika, wayamba kumwa phala, watuluka. Kunyumba aliyense wapuma. Patapita pafupifupi mwezi, mayi ake aona kuti akumachedwa ndi mbamu ya nsima mkamwa, akumwera madzi pa mbamu iliyonse, ndipo nyama akumatafuna n'kulavula. Sabata yotsatira akubweza nsima yosagayika atangomeza kumene. Kenaka akufuna phala lamadzimadzi lokha, ndipo malaya ayamba kumukulira.

Si kusankha zakudya ndipo si matsenga. Chilonda cha m'kati chikamapola chimasiya chipsera, ndipo chipsera chimakokana monga chimachitira pa dzanja la munthu wopsa ndi moto. Popeza njira ya chakudya ndi yozungulira ngati paipi, kukokanako kumaichepetsa. Nthawi zambiri zimayamba kuonekera kuyambira sabata yachitatu mpaka miyezi iwiri, nthawi zina mochedwerapo. Vutoli limayamba ndi zolimba, kenaka zofewa, pomaliza ndi madzi omwe.

Musadikire kuti afike polephera madzi. Tsiku loyamba limene mwaona nsima ikumuvuta, bwererani kuchipatala ndi buku lake, munene kuti anamwa soda pa deti lakutilakuti. Adzamumwetsa mankhwala oyera ooneka pa ekisire kuti aone pomwe pachepa ndi kutalika kwake. Chithandizo chake ndi kukulitsa njirayo pang'onopang'ono ndi timachubu kapena kabaluni, mwana atagonekedwa tulo, ndipo kawirikawiri zimafunika kubwereza kangapo kwa miyezi. Pomwe njira yatsekeka kwambiri, amaboola pamimba n'kuika chubu chodyetsera kuti mwana abwezeretse thupi madokotala asanaganize za opaleshoni yaikulu. Podikira tsiku loonana ndi dokotala, mpatseni zakudya zofewa zopatsa mphamvu, monga phala la likuni lothira nsinjiro zosefa bwino, mkaka ndi nthochi yokanya, pang'onopang'ono koma pafupipafupi, atakhala tsonga, ndipo muzimukweza pasikelo sabata iliyonse n'kulemba m'buku mwake.